Madijiti amene kakyuleta yakupatsani si onse amene ndi anu

Wophunzira wa ku sekondale akapatsidwa kachitsulo mu labotale kuti apeze densite yake, ntchito imaoneka yachidule. Amakaika pa sikelo, amayeza kukula kwake, kenako amadina kakyuleta. Pagalasi pamatuluka nambala yaitali ngati 8.4935176, ndipo ambiri amaikopera yonse mu kope ali ndi mtima woti madijiti akachuluka ndiye kuti yankho lalondola kwambiri. Koma sikelo imene wagwiritsa ntchito siona kusiyana kochepera 0.1 ya galamu, ndipo chida choyezera m'mimba mwa kachitsuloko sichiona kusiyana kochepera 0.1 ya milimita. Nanga madijiti asanu ndi atatuwo achokera kuti? Achokera ku kakyuleta, imene imangogawa manambala osadziwa kuti anayezedwa ndi chiyani. Zili ngati munthu amene wakuyezerani chimanga ndi ndowa n'kukuuzani kuti muli maso a chimanga 48,213.

Densite ndi kulemera kwa chinthu poyerekeza ndi malo amene chatenga. Timaipeza pogawa kulemera ndi voliyumu, ndipo yankho limakhala m'magalamu pa kiyubiki sentimita iliyonse, g/cm³. Madzi ali pafupifupi 1.0, aluminiyamu 2.70, chitsulo wamba cha m'zomangamanga 7.85, kopa 8.96, golide 19.3. Bulasi, amene ndi kopa wosakaniza ndi zinki, amakhala pakati pa 8.4 ndi 8.7 malinga ndi mmene anamusakanizira. Manambalawa ndi amene amapangitsa kuti densite ikhale njira yozindikirira chinthu popanda kuchidula kapena kuchisungunula. Vuto ndi lakuti palibe amene amayeza densite mwachindunji pa ntchito ngati imeneyi. Timayeza zinthu zina zitatu, chilichonse chili ndi chikayiko chake, ndipo zikayiko zonsezo zimalowa mu yankho. Funso lenileni ndi lakuti zimalowamo motani, ndipo zikalowa, ndi madijiti angati amene atsala oti tingawaimire kumbuyo.

Titenge chitsanzo chimodzi n'kuyenda nacho mpaka kumapeto. Tili ndi kachitsulo kobulungira ngati choko, kakuda kofiirira, ndipo tikufuna kudziwa ngati ndi kopa kapena bulasi. Funsoli si la m'kalasi mokha, chifukwa ogula zitsulo zakale amalipira kopa ndalama zambiri kuposa bulasi. Pa sikelo kakulemera magalamu 53.8, ndipo sikeloyo imawerenga mpaka 0.1. Ndi veniya kalipa, imene imawerenga mpaka 0.01 ya sentimita, tapeza kuti utali wake ndi 5.08 ndipo dayamita, kutanthauza m'mimba mwake, ndi 1.26. Pano titenga kagawo kochepetsetsa ka chida chilichonse ngati chikayiko chake. Aphunzitsi ena amatenga theka la kagawoko. Chachikulu n'chakuti munene chimene mwatenga. Tilemba chonchi:

```
m = 53.8 ± 0.1 g
L = 5.08 ± 0.01 cm
d = 1.26 ± 0.01 cm
ρ = m / V = 4m / (π d² L)
```

Voliyumu ikutuluka 6.3342 cm³, ndipo densite ndi 8.4935176 ija.

Njira yoyamba yoonera chikayiko sifuna masamu apamwamba. Mungodzifunsa kuti, zinthu zitandiipira kotheratu, yankho lingakwere mpaka pati? Densite imakwera kulemera kukakwera ndiponso voliyumu ikatsika. Choncho tengani 53.9 pa kulemera, 1.25 pa dayamita ndi 5.07 pa utali. Yankho ndi 8.66. Tembenuzani: 53.7, 1.27 ndi 5.09. Yankho ndi 8.33. Taonani tsono. Malinga ndi zida zathu, densite ingakhale paliponse kuyambira 8.33 mpaka 8.66. Dijiti yoyamba, 8, ndi yokhazikika. Yachiwiri ikugwedezeka kale, ingakhale 3, 4, 5 kapena 6. Pamene yachiwiri sinaime, kulemba yachisanu ndi chiwiri n'kunamiza woŵerenga.

Njirayi ndi yabwino poyambira, koma siikuuzani kuti pa miyezo itatu ija wolakwa kwenikweni ndi uti. Kuti mudziwe zimenezo muyenera kusintha chikayiko chilichonse kukhala peresenti. Chifukwa chake n'chosavuta. Pamene manambala akuchulukitsidwa kapena kugawidwa, nambala imodzi ikasuntha ndi 1 peresenti, yankho nalo limasuntha ndi pafupifupi 1 peresenti, kaya nambalayo ndi ya magalamu kapena ya masentimita. Magalamu ndi masentimita simungawaphatikize, koma maperesenti mungathe.

Pa kulemera, 0.1 pa 53.8 ndi 0.19 peresenti. Pa utali, 0.01 pa 5.08 ndi 0.20 peresenti. Pa dayamita, 0.01 yemweyo pa 1.26 ndi 0.79 peresenti. Chida n'chimodzi, koma chikayiko chakula kanayi chifukwa chinthu choyezedwacho n'chaching'ono kanayi.

Ndipo dayamita sinathere pomwepo. M'fomyula yathu ili ndi ka 2 pamwamba, kutanthauza kuti ikudzichulukitsa yokha. Mukaikweza ndi 1 peresenti, muli ndi 1.01 kuchulukitsa ndi 1.01, zimene ndi 1.0201, ndiye kuti voliyumu yakwera ndi 2 peresenti. Chikayiko cha dayamita chimaŵerengedwa kawiri: 1.59 peresenti. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amapunthwa. Amaiwala ka 2 kaja, yankho lawo n'kuoneka lodalirika kuposa mmene lilili. Mpira wachitsulo ukanakhala woopsa kuposa apa, popeza voliyumu yake imatenga dayamita katatu. Koma 4 ndi π alibe chikayiko, chifukwa sanayezedwe ndi chida. Bola musadule π kukhala 3.1; dinani batani lake pa kakyuleta.

Tsopano tiphatikize. Pali njira ziwiri, ndipo zonse zimaphunzitsidwa. Yoyamba ndi kungowonkhetsa: 0.19 ndi 0.20 ndi 1.59 zikupereka pafupifupi 2.0 peresenti. Maperesenti awiri a 8.49 ndi 0.17, ndipo mukayang'ana bwino muona kuti ndi mpata womwe uja wa 8.33 mpaka 8.66. Njirayi imaganiza kuti miyezo itatu yonse yalakwa mpaka kumalire, yonse n'kukankhira yankho mbali imodzi. Zimenezo n'zotheka, koma sizichitika kawirikawiri. Nthawi zambiri sikelo ikalakwira kumtunda, kalipa ingalakwire kumunsi, zolakwazo n'kuchepetsana. N'chifukwa chake akatswiri a miyezo, ngati miyezoyo sidalirana, amachulukitsa peresenti iliyonse ndi iyo yomwe, n'kuwonkhetsa, n'kutenga sikweya ruti:

```
Δρ/ρ = √[(Δm/m)² + (ΔL/L)² + (2Δd/d)²]
     = √[0.19² + 0.20² + 1.59²] % = 1.61 %
```

1.61 peresenti ya 8.49 ndi 0.137. Yang'anitsitsani manambala ali m'kati mwa chizindikirocho. Dayamita yokha yapereka 1.59, ndipo zonse pamodzi ndi 1.61. Kulemera ndi utali zangowonjezera 0.02. Nkhani yonse yagona pa dayamita.

Izi zili ndi phindu lake m'thumba. Sukulu kapena malo ogwirira ntchito atagula sikelo yodula yoŵerenga mpaka 0.01 ya galamu pofuna kuwongola muyezo umenewu, chikayiko chingatsike kuchoka pa 1.61 kufika pa 1.60 peresenti. Ndalama zapita, palibe chasintha. Koma kungosiya kalipa n'kuyeza dayamita ndi maikolomita, imene imaŵerenga mpaka 0.001 ya sentimita, kungasinthe zonse. Tinene kuti maikolomita yaŵerenga 1.262. Chikayiko chake tsopano ndi 0.08 peresenti, kawiri ndi 0.16, ndipo zonse pamodzi zikufika pa 0.31 peresenti basi. Densite ikutuluka 8.4666, chikayiko chake 0.027. Kuŵerengera chikayiko, ine ndimaona, phindu lake lalikulu ndi limeneli: kumakulozerani muyezo woyenera kuutayira nthawi.

Tibwerere ku muyezo wa kalipa kuti tilembe yankho. Tili ndi 8.4935176 ndi 0.137. Dongosolo lake limayambira ku chikayiko, osati ku densite. Choyamba fupikitsani chikayiko, kenako dulani densite pamalo omwewo pamene chikayiko chathera. Chikayiko nachonso n'chongoyerekeza, choncho sichiyenera madijiti ambiri. M'masukulu ambiri amati chikhale ndi dijiti imodzi: 0.137 akhala 0.1, ndipo densite idulidwa pamalo oyamba pambuyo pa kadontho, 8.5 ± 0.1 g/cm³. Ena amati dijiti yoyamba ya chikayiko ikakhala 1, musiye ziwiri, chifukwa kudula 0.137 kukhala 0.1 n'kutaya gawo loposa limodzi mwa magawo anayi a chikayikocho. Pamenepo yankho ndi 8.49 ± 0.14 g/cm³. Buku la malangizo a miyezo limene mabungwe a padziko lonse anatulutsa mu 1993, lodziwika ndi dzina lakuti GUM, limati nthawi zambiri madijiti osapitirira awiri ndi okwanira pa chikayiko. Ine ndimakonda 8.49 ± 0.14, koma wolemba mayeso atsate zimene silabasi yake ikufuna. Amene anangowonkhetsa maperesenti alemba 8.49 ± 0.17, kapena 8.5 ± 0.2, ndipo nayenso sanalakwe ngati wanena njira imene watsata.

Zolakwika zenizeni ndi zina. Kulemba 8.4935 ± 0.1 n'kulakwa, chifukwa mukunena kuti simukudziwa malo oyamba pambuyo pa kadontho, koma mukutchula mpaka malo achinayi. Kulemba 8.5 ± 0.137 n'kulakwanso, popeza chikayiko chapitirira pamene densite yathera. Ndipo ziro womalizira si wokongoletsera. Yankho likanakhala 8.50 ± 0.14, ziroyo ayenera kukhalapo ngakhale kakyuleta imamuchotsa, chifukwa 8.5 ndi 8.50 sizinena chinthu chimodzi: yachiwiriyo ikuti malo achiwiri anayezedwa. Pa muyezo wa maikolomita uja, 0.027 akhala 0.03, ndipo yankho ndi 8.47 ± 0.03 g/cm³.

Kodi ndi kopa? Kopa ndi 8.96. Kuchoka pa 8.49 kukafika pamenepo pali 0.47, kuposa katatu chikayiko chathu cha 0.14. Ngakhale malire apamwamba aja, 8.66, sakufikako. Tinganene molimba mtima kuti si kopa weniweni, ndipo nambalayo ikugwirizana ndi bulasi. Chimene kalipa singatiuze ndi mtundu wa bulasiyo, chifukwa mpata wathu ukuphimba pafupifupi mitundu yake yonse.

Wina angafunse kuti, bwanji osangotsata lamulo lachidule lija lakuti yankho likhale ndi madijiti ofanana ndi a muyezo umene uli ndi madijiti ochepa? Miyezo yathu yonse ili ndi madijiti atatu, choncho lamuloli likupereka 8.49. Nambalayo payokha imauza woŵerenga kuti chikayiko chili cha m'ma 0.01, pamene chenicheni n'choposa kakhumi. Lamuloli limalephera pano pa zifukwa ziwiri. Silisiyanitsa 1.26 ndi 9.26, ngakhale 0.01 pa yoyambayo ndi 0.8 peresenti ndipo pa yachiwiriyo ndi 0.1 peresenti. Komanso siliona ka 2 kaja ka pa dayamita. Ndi lamulo lothandiza ngati simunapatsidwe zikayiko, koma mukakhala nazo, chikayiko ndi chimene chimalamula madijiti.

Palinso msampha wodula manambala msanga. Voliyumu inali 6.3342. Mukaifupikitsa kukhala 6.3 musanagawe, densite ituluka 8.54, imene yasuntha koma ikadali m'kati mwa chikayiko. Mukaifupikitsa kukhala 6, ituluka 8.97, ndipo bulasi wasanduka kopa papepala. Sungani madijiti onse mu kakyuleta, kapena awiri owonjezera ngati mukulemba pamanja, n'kudula kamodzi kokha pamapeto.

Sukulu zambiri zilibe kalipa yokwanira aliyense, ndiponso mwala kapena kiyi simungayeze dayamita yake. Zikatero amamiza chinthucho m'madzi a mu silinda yoyezera n'kuona mmene madziwo akwerera. Apa lamulo limasintha, chifukwa voliyumu ikupezeka pochotsera, ndipo pochotsera kapena powonkhetsa zimene zimaphatikizidwa ndi zikayiko zenizenizo, osati maperesenti. Tinene kuti silinda ya mamililita 100 ili ndi mizere ya mililita imodzi imodzi. Madzi anali pa 50.0, tamiza kachitsulo kathu, afika pa 56.5, ndipo kuŵerenga kulikonse kuli ndi chikayiko cha 0.5. Payekhapayekha manambalawa akuoneka abwino, chikayiko cha 1 peresenti yokha. Koma kusiyana kwake ndi 6.5, ndipo zikayiko ziwirizo zikaphatikizidwa mwa njira ya sikweya ruti zikupereka 0.7. Tsono 0.7 pa 6.5 ndi 11 peresenti. Densite ndi 8.3 ± 0.9 g/cm³, mpata woyambira 7.4 mpaka 9.2, momwe mukulowa chitsulo wamba, bulasi ndi kopa yemwe. Muyezo wotere sungayankhe funso lathu, ndipo wophunzira amene walemba zimenezo mosabisa wachita sayansi yabwino kuposa mnzake amene walemba 8.2769 n'kukhala chete. Mankhwala ake ndi silinda yopyapyala ya mizere ing'onoing'ono, kapena kumiza tizitsulo tambiri tofanana nthawi imodzi kuti madzi akwere kwambiri.

Masamu onsewa ali ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwadziwa. Amangosamalira zikayiko zimene mwawapatsa. Ngati kalipa ikuŵerenga 0.01 itatsekedwa, pamene iyenera kuŵerenga ziro, ndiye kuti dayamita ndi utali zonse zakwera mbali imodzi, densite n'kutsika ndi pafupifupi 1.8 peresenti. Ngakhale mubwereze kuyeza kangapo, mudzapeza manambala ogwirizana bwino koma onse olakwika. Apa njira ya sikweya ruti sigwiranso ntchito, chifukwa miyezo iwiriyo yasiya kukhala yodziimira payokha. Chofunika ndi kutseka kalipa musanayambe, kuona zimene ikuŵerenga n'kuzichotsera. Chimodzimodzinso sikelo, iyesedwe ndi mwala wa kulemera kodziwika. Kachitsulo nakonso sikangakhale kobulungira ndendende. Yezani dayamita kunsonga zonse ziwiri ndi pakati, mukukatembenuza. Mukapeza 1.24, 1.26 ndi 1.28, chikayiko chanu si 0.01 wa chida uja, ndi kumwazikana kumeneku. Ndipo ngati m'kati mwake muli mphako, kapena thovu la mpweya lamamatira pa chinthu chomizidwa m'madzi, densite idzatuluka yotsika popanda fomyula iliyonse kukuchenjezani. Chizindikiro chake nthawi zambiri ndi yankho lotalikirana ndi nambala ya m'buku kuposa katatu chikayiko chanu. Zikatero musakulitse chikayiko kuti chifikire nambala ya m'bukuyo. Bwererani ku zida.

Pali nthawi zina pamene kusiyana kotero sikukhala kulakwa kwa zida. Ku Mangalande, cha m'ma 1892, katswiri wa fizikisi Lord Rayleigh ankayeza densite ya mipweya poidzaza m'botolo lagalasi n'kuliika pa sikelo. Naitrojeni wotengedwa mu mpweya wa m'mlengalenga ankalemera magalamu 2.3102 m'botolomo, pamene wopangidwa kuchokera ku mankhwala ankalemera 2.2990. Kusiyana kwake ndi mamiligalamu 11 okha, theka la peresenti imodzi. Munthu wodula manambala mwachisawawa akanalemba 2.3 mbali zonse n'kupita kwawo. Rayleigh ankadziwa kuti miyezo yake yobwerezabwereza siisiyana kufika pamenepo, choncho anaumirira kuti pali china. Pamodzi ndi William Ramsay anapeza kuti mu naitrojeni wa m'mlengalenga munabisala mpweya wina wolemera, agoni, umene anaulengeza mu 1894 ndipo umapanga pafupifupi 0.93 peresenti ya mpweya umene timapuma. Onse awiri analandira mphoto ya Nobel mu 1904. Choncho kudula madijiti mopitirira n'kolakwika chimodzimodzi ndi kuwasiya ambirimbiri. Rayleigh anali ndi ufulu wolemba madijiti asanu chifukwa zida ndi njira zake zinkafikadi pamenepo.

Kwa amene akuganiza zoyesa golide ndi njira imeneyi, masamu omwewa akukuuzani pamene ingakufikitseni. Bulasi wopakidwa golide agwidwa ngakhale ndi silinda ya madzi ija, chifukwa 8.5 ndi 19.3 zatalikirana kuposa chikayiko chilichonse. Koma pali chitsulo china, tangisiteni, chimene densite yake ndi 19.25, pamene golide ndi 19.30. Zikusiyana ndi 0.26 peresenti, ndipo muyezo wathu wabwino kwambiri, wa maikolomita uja, unali ndi chikayiko cha 0.31 peresenti. Ndi zida zimenezi simungasiyanitse ziwirizi. Musalipire ndalama za golide pa umboni wa densite yokha.